Nkhoko za M'thanki ya Che Bwanali

Chaka chimene boma lidasamuka ku Zomba, anthu ambiri adafika ku Lilongwe ndi thupi lokha, mtima atausiya kuphiri. Orton Munthali adali mmodzi wa iwo, ndipo sankabisa. Ntchito yake idali yoyeza madzi ndi dothi m'labotale ya boma, tsono labotaleyo atainyamula pa malole, naye adanyamulidwa pamodzi ndi mabotolo ake. Mkazi wake Ada ndi ana adatsalira ku Zomba kudikira nyumba ya ku Area 18, imene amisiri ankati itha mwezi wamawa. Ankatero mwezi uliwonse. Pakadali pamenepo Orton ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana wake ku Area 9, momwe mudali bedi, sutikesi ndi msomali wopachikapo jekete.

Ku City Centre masiku amenewo kudali nyumba zazitali zoyera zitaima patalipatali pakati pa tchire, fumbi lofiira, ndi timitengo tongowokedwa kumene toti ngakhale nkhuku sikadapezapo mthunzi. Orton ankapalasa njinga kupita kumeneko m'mawa, nsapato zopolisha, n'kubwerako madzulo atafiira mpaka nsidze. Aliyense womufunsa kuti kumudzi n'kuti ankamuyankha kuti ku Rumphi, koma pakamwa pake pankangotuluka Zomba. Madzi a ku Zomba, mphepo ya ku Zomba, mapichesi a ku Zomba. Anzake a kuntchito adafika potopa naye.

Malo amodzi okha ndi amene ankamulandira ndi Zomba wake yemweyo: tiyirumu ya Che Bwanali, kuseri kwa msika ku Old Town. Idali nyumba yaing'ono ya njerwa zosawotcha, mabenchi atatu, ndi kakhitchini ka zenera limodzi komwe mkazi wawo, mayi Zubeida, ankakazinga mandasi. Che Bwanali adali munthu wosayankhulitsa. Tsiku lachitatu adazindikira okha kuti mlendoyu sakonda shuga wambiri, ndipo kuyambira pamenepo Orton sadafunikenso kuitanitsa kanthu. Mu mzinda wonsewo, uko n'kumene ankalowa popanda kudzifotokoza.

Moyo wa tiyirumuyo udali thanki yowiritsira madzi. Idali ya malata okhuthala, yofika m'chiuno ikakhala pa mafuwa, ya zogwirira ziwiri ndi kampopi ka mkuwa. Adaikhoma ndi manja awo bambo a Che Bwanali, mmisiri wa zidebe amene adachokera ku Mangochi Lilongwe adakali tauni ya fodya ya misewu iwiri. Bamboyo adamwalira kale. Zida zawo zidagawidwa, nyumba yawo idagwetsedwa pokulitsa msewu, kudatsala thanki yokhayo. Che Bwanali ankaipukuta m'mawa uliwonse asanatsegule chitseko, ndipo ankati tsiku limene idzafe, dzanja la bambo awo lidzakhala lachokeratu pa dziko.

Koma thankiyo idali kudwala. Madzi a m'chitsime cha kuseri adali olemera, ndipo zaka makumi awiri zowira tsiku ndi tsiku zidasiya nkhoko zoyera, zolimba ngati mwala, pansi ndi m'mbali monse. Madzi ankachedwa kuwira, nkhuni zinkangotha, ndipo kampopi kaja kadayamba kudontheza m'malo motulutsa. Oyendera zaukhondo nawo adadutsa n'kunena kuti tsopano kuno ndi likulu, abweranso kudzasuzumira m'kati.

Mankhwala adabwera ndi Redson, mmisiri womanga nyumba amene ankamwa tiyi pomwepo. Ku City Centre ankatsukira njerwa ndi asidi, ndipo adaona ndi maso ake mmene asidiyo amadyera simenti yokakamira. Adati chimene chimadya simenti sichingalephere nkhoko. Pamenepo sadaname. Redson adali munthu wa mtima wabwino amene vuto lake lidali lodziwa theka la chinthu n'kulankhula ngati wadziwa chonse.

Loweruka masana, ataweruka kuntchito, Orton adapeza mabenchi ali panja, khoma lapakidwa laimu theka, ndipo m'khitchini mukumveka kusokosera kwachilendo. Atasuzumira adaona thanki ili pambali pa moto wa mandasi, chivundikiro chitatsinjidwa ndi nsanza yonyowa kuzungulira, pamwamba atasanjikapo njerwa zinayi. M'katimo munkalira ngati mimba ya munthu amene wadya nyemba zosapsa, ndipo m'mphepete mwa nsanza munkatuluka thovu.

Adafunsa kuti athiramo chiyani. Redson adafotokoza monyadira kuti wasukulutsa asidi monga amachitira ku njerwa, kapu imodzi pa makapu khumi a madzi. Kutseka kudali nzeru ya Che Bwanali. Iwo adati mankhwala aliwonse amafuna kufundikira, ngakhale a chimfine munthu amafunda bulangete kuti mphamvu isathawe, nanga awa angasiyidwe bwanji osafundika?

Orton adaona ngozi nthawi yomweyo. Sadakuwe, poti kukuwa kumathamangitsa anthu molakwika. Adapempha mayi Zubeida kuti aphule mafuta pamoto, ndipo Redson aole makala onse ndi fosholo akawataye kutali, otsala athirepo madzi. Adatsegula zenera ndi zitseko zonse ziwiri. Kenako adachotsa njerwa imodziimodzi, nkhope atayang'ana kumbali, n'kukweza chivundikiro pang'ono ndi mpini wa tsache. Mpweya udatuluka ndi mkokomo, thovu lidasefukira pansi, ndipo thanki idapuma.

"Che Bwanali," adatero, "chimene chikutuluka umu si mphamvu ya mankhwala ayi. Mphamvu ili m'madzimo. Uwu ndi mpweya wobadwa pamene asidi akudya chinthu, ndipo ukausowetsa potulukira umadzipangira wokha khomo. Khomo lake likadakhala msoko wa bambo anu, kapena nkhope ya mayi."

Che Bwanali adayang'ana mkazi wawo, n'kuyang'ana pansi. Kenako adafunsa funso lanzeru kuposa onse amene Orton adamvapo kuntchito mwezi umenewo: ngati ndi mpweya, ndi mpweya wanji, nanga ungasiyidwe m'nyumba?

Orton adati mphuno singayankhe. Kafungo koyabwa kamene ankamva kadali ka asidi weniweniyo, koma mipweya iwiri imene ankaiganizira yonse ilibe fungo. Asidi akamadya nkhoko umatuluka kaboni dayokisaidi, mpweya womwe uli mu Fanta. Sumayaka, koma ndi wolemera, umakhala pansi, ndipo ukachuluka m'kachipinda kotseka munthu amakomoka. Asidi akamadya chitsulo umatuluka hayidirojeni, wopepuka, wothamangira kudenga, ndipo umenewo ukasakanizana ndi mpweya wamba n'kukumana ndi lawi umaphulika. Kudziwa kuti ndi uti kukadawauza ziwiri: ngati moto ungayatsidwenso m'khitchinimo, ndi ngati asidiyo akudya matenda kapena akudya wodwala.

Zida za labotale zidali kutsidya kwa mtsinje, zitakhomeredwa. Koma mmisiri sasowa chogwira. Orton adatenga fanelo yothirira palafini, kapaipi ka mphira kopopera palafini yemweyo, ndi timabotolo tiwiri ta galasi topanda kanthu, ta kukamwa kwakukulu. Chimene chidamusangalatsa kwambiri chidali chidebe cha laimu wopakira khoma chimene chidakhala chikhalire kuyambira m'mawa: laimu adali atadikha pansi, pamwamba patatsala madzi oyera mbee. Adatunga madziwo mosamala m'kabotolo kamodzi. Kuntchito ankagwiritsa ntchito madzi omwewo, kungoti a kumeneko adali ndi chizindikiro cholembedwa bwino.

Adalumikiza kapaipi ku fanelo, n'kumiza faneloyo chozondotsa m'thanki kuti igwire thovu lokwera. Mbali ina ya kapaipi adaiviika m'madzi a laimu. Timathovu tidayamba kutumphuka m'kabotolo, ndipo Redson asanamalize kufunsa kuti tikudikira chiyani, madzi aja adachita mbuu ngati athiridwa mkaka. Orton adadzaza kabotolo kachiwiri ndi mpweyawo, kukamwa kutayang'ana kumwamba, n'kutseka ndi chikhato, n'kutuluka nako pabwalo. Kumeneko adayatsa kaudzu ka tsache n'kukalowetsa. Lawi lidangozima zii, popanda phokoso. Adayesanso kabotolo katazondoka, kuti ngati muli mpweya wopepuka ugwidwe, koma sikudamveke kanthu.

Adawauza kuti mbuu wa madziwo ndi kuzima kwa lawi ndi zizindikiro za mpweya wolemera uja, choncho pakadali pano asidi akudya nkhoko zokha. Mayi Zubeida adafunsa ngati tsono angakolezenso moto, poti ufa wa mandasi sudikira munthu. Orton adaganiza kaye. Mpweya wa tsopanowu, zitseko zili pululu, sukadavulaza aliyense. Koma nkhoko zimatha, ndipo pansi pake pali zinki wokutira malata, amene asidi amamukonda kuposa nkhoko. Mpweya ukadasintha popanda kugogoda. Adati moto uyake, koma thanki ituluke. Adapisa mtengo m'zogwirira, iye ndi Redson n'kuinyamula pang'onopang'ono kuti isakhavuke, mpaka pansi pa mtengo wa mbwemba kuseri, pomwe mphepo inkadutsa. Adaletsa Redson kusuta pafupi, ndipo chivundikiro adachiika kutali kuti wina asaimvere chifundo thanki n'kuifundikanso.

Lamulo lake lidali losavuta. Aziyesa mpweya pakapita mphindi zisanu zilizonse. Madzi a laimu akasiya kuchita mbuu koma thovu likupitirira, kapena kabotolo kakalira pokumana ndi lawi, akhuthule asidi nthawi yomweyo. Adawonjeza kuti thovu la nkhoko ndi lalikulu ndi laphokoso, pamene la chitsulo ndi laling'ono, lokwera mwakachetechete m'mbali, choncho aliyense woona kusintha anene.

Adayesa kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Nthawi zonse madzi ankachita mbuu, lawi linkazima. Zibenthu za nkhoko zidayamba kusweka n'kugwera pansi. Redson, ataona kuti palibenso choti adzitamire nacho, adatsanzika n'kupita kukamwa kwina. Mayi Zubeida adabweretsa mandasi otentha ndi tiyi wowiritsa m'ketulo, ndipo amuna awiriwo adakhala pa njerwa, thanki ili pakati pawo.

Kudali kumasana kwa mwezi wa June, kadzuwa kofunda bwino, ndipo mantha atachoka thupi la Orton lidamasuka. Che Bwanali adafunsa kuti nzeru ya madzi a laimu adaiphunzira kwa yani. Funso limenelo ndi limene lidatsegula chitseko.

Orton adayamba ndi mkulu wina amene adamuphunzitsa ntchito m'labotale yakale ya ku Zomba, nyumba ya khonde lalikulu, momwe chilichonse chonunkha ankangochitulutsa pakhonde mphepo ya kuphiri n'kumaliza yokha. Kuchoka apo adafika pa tsiku limene anyani adalowa pazenera n'kuba nthochi za mkuluyo, mmodzi n'kuthawa atavala fanelo kumutu. Adasimba za nkhungu yotsika m'mawa mpaka kubisa msewu, za madzi ozizira opweteka mano, opanda nkhoko ngakhale ketulo itawira zaka khumi. Adasimba mmene adamuonera Ada koyamba pa kwaya, iye n'kulowa kwayayo chonsecho mawu ake adali a khwangwala, n'kuimba miyezi isanu ndi umodzi mpaka wotsogolera adamuchonderera kuti angomufunsira mtsikanayo anthu apume. Pamenepa Orton adaseka mpaka misozi, akudzimenya pantchafu. Che Bwanali ankangomwetulira, akumvetsera.

Munthu amene wasunga nkhani miyezi isanu samva kuyenda kwa nthawi. Chidamudzidzimutsa ndi bata. Thanki idali itasiya kusokosera. Ataimirira adaona kuti thovu lalikulu latha, ndipo m'mbali monse mukukwera timathovu ting'onoting'ono tosawerengeka, mwakachetechete. Adayang'ana wotchi yake. Padali patadutsa mphindi zoposa makumi atatu.

Adatunga madzi a laimu atsopano n'kuviikamo kapaipi. Timathovu tidatumphuka, koma madzi sadachite mbuu. Adazondotsa kabotolo kena pamwamba pa kapaipi, n'kudikira, n'kutseka ndi chikhato, n'kuyenda mapazi khumi kutali ndi thanki. Atayandikiza kaudzu koyaka kukamwa kwake, kadalira kuti pyo, kamawu kakang'ono konga ka mwana wa galu wopondedwa mchira.

Adaitana Che Bwanali kuti agwire mbali ina. Adakhuthulira asidi m'dzenje la phulusa, momwe Orton adathiramo laimu wotsala uja. Adatsuka thanki ndi zidebe zitatu za madzi, kenako adasungunula soda yense wa mayi Zubeida n'kuzunguza m'katimo mpaka adasiya kuchita thovu, n'kutsukanso kawiri. M'kati mudayera, koma si kuyera kumene ankafuna. Pansi ndi m'munsi mwa mbali zinki adali atatha, patatsala chitsulo chotuwa chokhala ndi timaenje.

Adaikhazika pa njerwa, adaidzaza madzi, Che Bwanali n'kupukuta kunja konse ndi nsanza youma. Adadikira. Kampopi katatsegulidwa kadatulutsa madzi mwamphamvu ngati katsopano, ndipo Orton adayamba kupuma. Kenako pa msoko wapansi padaoneka kadontho. Che Bwanali adakapukuta, kadabweranso. Pafupi pake padatuluka kena, ndi kena, ndipo pambali pa kampopi padatumphuka kamtsinje kowonda ngati ulusi kamene kadanyowetsa nsapato ya Orton.

Che Bwanali adagwada n'kudina pansi pa thanki ndi chala chachikulu. Chitsulo chidalowa ngati chikopa. Iwo adali mwana wa mmisiri wa zidebe, sadafunike wina wowauza kuti pamenepo mtovu womatira mabowo sungagwire. Adakhala chogwada nthawi yaitali, chikhato chili pa msoko uja, madzi akudutsa pakati pa zala.

Orton ankadziwa kuti mwina thankiyo idabooka kalekale, nkhoko n'kumatseka mabowowo. Zimachitika, ndipo akadanena zimenezo sakadanama. Koma ankadziwanso kuti theka la ola ndi nthawi yaitali kwa asidi pa chitsulo chokalamba, ndipo palibe kuyesa kulikonse kumene kukadamuuza kuti ndi ziti mwa ziwirizi zidapha thanki. Adachita manyazi aakulu, ndi chisoni chimene sadachimvepo chichokereni kwawo.

"Che Bwanali, ndakulakwirani," adatero. "Ndidati mphindi zisanu, ine ndemwe n'kuiwala. Mpweya udasintha kale ndili pakamwa yasa. Ndikadayesa nthawi yake, mwina bwenzi ili moyo."

Che Bwanali adadzuka pang'onopang'ono, akupukuta manja pa malaya.

"Ndidaona, a Munthali," adatero. "Thovu litayamba kuchepa ndidaona. Mudali pa nkhani ya anyani."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndidati amalize kaye iyi. Kenako mudayamba ya mayi a kunyumba." Adayang'ana thanki, n'kuyang'ananso Orton. "Miyezi isanu mwakhala pa benchi langa. Ndidali ndisanakuoneni mukuseka."

Orton adawerama. Adatola timabotolo tija n'kuyamba kutitsuka, ngakhale tidali toti titayidwa.

Lolemba tiyi adawiritsidwa m'sefuliya yaikulu ya aluminiyamu yogula mumsika, ndipo oyendera zaukhondo atabwera adaiyamikira kwambiri. Makasitomala ena adati tiyi wasintha kukoma, ena adati ayi. Thanki idakhala kuseri pansi pa mbwemba, Che Bwanali osalola kuti idulidwe mbaula, mpaka dzimbiri lidaimaliza lokha. Orton adazungulira kutali masiku atatu chifukwa cha manyazi, koma lachinayi njinga idamufikitsa yokha, ndipo adapeza kapu yake ya shuga wochepa ikumudikira.

Nyumba ya ku Area 18 idatha mvula itayamba. Ada adabwera ndi ana, mitengo ya ku City Centre idakula n'kupereka mthunzi, tiyirumu idagwetsedwa pomanga masitolo, ndipo Che Bwanali adabwerera ku Mangochi komwe adakamwalira. Orton adaphunzitsa achinyamata ambiri kuyesa mpweya, ndipo onse ankamudziwa ngati mkulu wovuta amene salola munthu kucheza botolo likuchita thovu. Zomba adapitako kangapo pa ntchito, n'kupeza kuti ndi tauni yabwino ya anthu ena. Atakalamba, malo amene ankawasowa mpaka kumupweteka pachifuwa adali kabwalo ka kuseri kwa msika, pomwe munthu wina adakhala chete akuona thanki ya bambo ake ikudyeka, kuti mlendo amalize nkhani yake.